Ine Banda, iye Nabanda: kodi tingakwatirane?

*Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Chilinde. Ndapeza mbeta ndipo tikufuna kupanga chinkhoswe chaka chino. Vuto n'lakuti ine ndine Banda, iyenso ndi Nabanda. Bambo anga ndi a ku Dowa, bambo ake ndi a ku Ntcheu, ndipo sadziwana n'komwe. Azakhali anga akuti sizingatheke, ameneyo ndi mlongo wanga. Amayi anga ndi Anaphiri a kwa Chadza, amayi akenso ndi Anaphiri a ku Mitundu, koma za izi palibe akunenapo kanthu. Kodi azakhali akunena zoona?*

A Banda, dzina lofanana pa chiphaso, palokha, silisandutsa mkazi kukhala mlongo wanu. Azakhali musawapsere mtima, chifukwa mantha awo ali ndi pochokera, ndipo ndifikapo. Koma ine chimene chandiimitsa m'kalata yanu si Ubandawo ayi. Ndi Anaphiri awiriwo. Kuchoka kwa Chadza kupita ku Mitundu ndi ulendo wa pa njinga, ndipo midzi ya kumeneko yakhala ikukwatirana, kusamukirana ndi kuikirana maliro kuyambira kalekale. Ngati pali chibale choletsa ukwati wanu, n'kutheka kwambiri kuti chabisala kuchikazi kumeneko, osati pakati pa Dowa ndi Ntcheu.

Kuti muone chifukwa chake, tiyenera kulekanitsa zinthu zimene m'tauni muno tazithira m'mphika umodzi. Pali dzina lomaliza limene mudalembetsa kusukulu ndi pa chiphaso cha unzika. Pali mfunda, umene ena amati chiwongo. Ndiye pali bele, kapena kuti mbumba imene mudabadwiramo. Anthu ambiri a msinkhu wanu amaganiza kuti zitatuzi n'chimodzi, koma kwa agogo a agogo anu sizinali choncho.

Pa Chichewa cha makolo, mwana ndi wa kwa mayi ake. Mfunda unkatsika kudzera mwa akazi: mayi ndi Naphiri, ana ake onse, aamuna ndi aakazi, ndi a Phiri. Ana a mwana wake wamkazi ndi a Phirinso. Koma ana a mwana wake wamwamuna satenga Uphiri, amatenga mfunda wa mkazi amene wawabereka. Mwamuna amakhala nawo mfunda mpaka kumanda, koma alibe njira youpatsira mwana. N'chifukwa chake timati anthu awa ndi a bele limodzi, kutanthauza kuti ukawatsata m'mbuyo, mayi kwa mayi, umakafika pa mzimayi mmodzi amene adayamwitsa onse. Mzimayi ameneyo ndiye tsinde. Akazi otuluka mwa iye pamodzi ndi ana awo ndiwo mbumba, ndipo mlongo wawo wamwamuna, mtsibweni kapena malume wa anawo, ndiye mwini mbumba ndi nkhoswe yawo. Powerenga mwa njira imeneyi, inu a Banda sindinu Banda. Ndinu mwana wobadwa kwa a Banda, koma mfunda wanu ndi wa amayi anu. Mtsikanayonso chimodzimodzi.

Nanga zidatheka bwanji kuti lero pafupifupi aliyense azitchedwa ndi chiwongo cha bambo ake? Zidabwera pang'onopang'ono. Angoni, amene gulu lawo la Zwangendaba lidawoloka Zambezi mu 1835 ndipo la a Maseko lidadzakhazikika cha ku Dedza ndi Ntcheu, amawerenga mtundu kuchimuna, ndipo mawu akuti chiwongo adachokera ku chilankhulo chawo. Achewa amene adakhala pansi pa Angoni kapena moyandikana nawo adayamba kutengera. Kenaka kudabwera amishoni, sukulu, kalembera wa msonkho ndi ulendo wa ku Joni ndi ku Halale, ndipo konseko mlembi ankafuna dzina la bambo. Chitsanzo chimene aliyense akuchidziwa ndi Kamuzu. Bambo ake anali Mphonongo Banda, mayi ake Akupingamnyama Phiri, ndipo mbale wa kuchikazi amene adayenda naye ku Halale ndi ku Joni anali Hanock Msokera Phiri. Pa kawerengedwe kakale akadakhala Phiri. Dziko lonse lidamudziwa kuti Banda. Izi zikusonyeza kuti ku Kasungu kusinthaku kunali kutayamba kale zaka zoposa 100 zapitazo.

Chimene chidasintha ndi dzina lokha. Ufumu m'midzi yambiri ya Achewa ukuyendabe kuchikazi, minda ikuyendabe kuchikazi, unkhoswe ukuyendabe kuchikazi. Dzina lidapatukira njira ya bambo, chibale cha bele n'kutsala pa njira ya mayi. Ndiye lero dzina limene kale linali chizindikiro chokuchenjeza kuti uyu ndi wa bele lako, silikuchenjezanso. Likhoza kukuopseza pamene palibe choopsa, n'kukhala chete pamene pali dzenje.

Ndipo apa mpamene nkhani ya amayi anu ikuvutira. Mwanena kuti onse ndi Anaphiri, koma sitikudziwa kuti Uphiri umenewo adautenga kuti. Ngati amayi anu amatchedwa Naphiri chifukwa bambo awo anali Phiri, pamene mayi awo anali Nambewe, ndiye kuti bele lanu ndi la kwa Mbewe, ndipo Uphiriwo ndi chovala chabe. Apongozi anu a mtsogolowo akhoza kukhala Naphiri wa kuchimuna kapena wa kuchikazi. Choncho maina awiriwo sakutsimikizira chibale, komanso sakuchichotsa. Akungokuuzani kuti pitani mukafunse.

Musanapite, ndi bwino mudziwe chimene lamulo la mfunda linkateteza, chifukwa chimenecho ndicho muyeso umene mugwiritse ntchito. Kale munthu sankakwatira mu mfunda wake. Mbiri ya Amaravi imaonetsa bwino zimenezi. Kalonga anali wa kwa Phiri, ndipo wolowa ufumu wake ankachokera mwa Nyangu, mayi kapena mlongo wa Kalonga, amenenso anali Phiri. Koma mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Kuno kwathu ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, Makewana woyang'anira kachisi wa mvula anali wa kwa Banda, pamene Kamundi wotumikira naye anali wa kwa Mbewe. Ukwati unali mlatho pakati pa mifunda iwiri. A Phiri ndi ufumu wawo, a Banda ndi za mvula ndi nthaka, ankamangana kudzera m'maukwati. Kukwatira mkati kunali ngati kumanga mlatho pa mtunda pouma.

M'mudzi wamba nkhani yake inali yomweyo koma yooneka ndi maso. Ukwati wa Chichewa umaimirira pa ankhoswe a mbali ziwiri. Banja likavuta, wa kuchimuna amakhala uku, wa kuchikazi uko, aliyense kuyankhulira mbumba yake. Tsono ngati mnyamata ndi mtsikana ali a bele limodzi, nkhoswe yawo yaikulu ndi munthu mmodzi. Akhala mbali iti? Mlandu ukafuna nkhuku, alipira ndani, kwa yani? Mmodzi akamwalira, ofedwa ndi ati, odzapepesa ndi ati? Ana obadwawo atate awo adzakhalanso mtsibweni wawo. Zonse zimasokonekera. Ndiye chifukwa chake kugonana pachibale chotere makolo ankakuika m'gulu la ufiti, ndipo mpaka lero munthu akachita zimenezi anthu amanong'ona kuti n'chizimba. Ine ndikafunsidwa nkhani ngati yanuyi, funso langa loyamba silikhala lakuti maina anu ndani, koma lakuti: kodi pali munthu mmodzi, wamoyo kapena womwalira posachedwa, amene nonse awiri mungamutche nkhoswe yanu?

Mifunda ya Banda ndi Phiri idakula mopitirira. Ili m'Malawi monse, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete. Muli Achewa, Amang'anja, Atonga a ku Nkhata Bay, ngakhale Ayao, amene mfunda amautcha lukosyo, ali ndi a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe awo. Muli zidzukulu za akapolo amene adatenga mfunda wa mbuye wawo. Muli amene agogo awo adangotola dzinalo pa mzere wolembetsa ntchito ya ku migodi, ndiponso amene adalembetsa sukulu ndi dzina la bambo owapeza kapena la malume olipira fizi. Pa kalembera wa chiphaso mu 2017 zonsezi zidangodindidwa monga zidalili. Lamulo lakuti Banda asakwatire Nabanda aliyense likadati ligwire ntchito lero, theka la maukwati a ku Kawale likadakhala pa mlandu. N'chifukwa chake m'midzi yambiri malire adabwerera pa chibale chimene anthu angathe kuchilondola ndi kuchitchula maina.

Malirewo ali motere. Mwana wa mayi anu aakulu kapena aang'ono ndi mlongo wanu, ndipo za ukwati palibe kukambirana. Mdzukulu wa mng'ono kapena mkulu wa agogo anu aakazi obereka amayi, ngati watsika kudzera mwa akazi okhaokha, ndi mlongo wanunso, ngakhale simudaonanepo chibadwire. Koma mwana wa malume anu si mlongo wanu, ndi msuweni. Mwana wa azakhali anu ndi msuweninso. Taonani chifukwa chake: mwana wa malume ndi wa bele la mkazi wa malumewo, osati lanu. Mwana wa azakhali ndi wa bele la bambo anu, limene inu simuli. Asuweni amaseleulana, amatchulana kuti mkazi wanga, mwamuna wanga, ndipo kale makolo ankakondwera akakwatirana, chifukwa mkamwini wake amakhala wodziwika khalidwe ndipo chuma sichipita kutali. Azakhali anu omwewo, mukadati mukufuna mwana wawo, mwina akadangoseka n'kunena kuti za kale zimenezo, koma sakadati ndi malaulo.

Tsopano pamene azakhali ali ndi mfundo ndi apa. Ana a abambo aakulu kapena aang'ono, ngakhale si a bele lanu, ndi abale anu enieni. Mbale wa bambo ako ndi bambo ako, ndipo mwana wake ndi mlongo wako. Pa Chichewa ukwati wotere suloledwa, ndipo pa Chingoni, Chitumbuka ndi Chisena, kumene mtundu umayenda kuchimuna, ndiye woletsedwa koposa. Azakhali ndiwo mlonda wa mbali ya bambo anu, ndipo akamva dzina la kwawo pa mkazi amene mukufuna, n'zoyenera kuti adzidzimuke. Komanso Ntcheu ndi dziko la Angoni a Gomani. Ngakhale midzi yambiri kumeneko imatsata chikamwini ndipo imayankhula Chichewa, alipo mabanja amene amasunga za kuchimuna mwamphamvu. Ngati kwawo kwa bambo a mtsikanayo ndi kotero, nawonso akhoza kufunsa funso lomwelo la azakhali. Choncho mbali imeneyi iyenera kufufuzidwa, kungoti ndi yosavuta.

Chitani chonchi. Funsani bambo anu kapena azakhaliwo kuti dzina la Banda lidayamba ndi yani m'banja mwanu, ndipo iyeyo adalitenga kwa bambo ake kapena kwa mayi ake. Lembani dzina la agogo aamuna, la bambo awo, mudzi ndi mfumu yake. Mtsikanayo achite chimodzimodzi kwawo. Mufunsenso ngati alipo wa m'banjamo amene adasamukira ku Ntcheu kapena ku Dowa, kapena amene adagwirako ntchito n'kusiyako mwana. Funso lomalizali ndi lochititsa manyazi koma ndilo lofunika, chifukwa aphunzitsi, apolisi ndi alangizi a zaulimi ankasamutsidwa maboma ambiri, ndipo si ana onse amene ankabwera nawo kumudzi. Mibadwo itatu ikadutsa popanda mudzi kapena dzina lokumana, nkhani ya Ubanda yatha.

Kuchikazi ndiye kofunika kudekha. Musayambe ndi mfunda, chifukwa mukangofunsa kuti kodi ndinu ayani mudzalandira yankho lomwe muli nalo kale. Yambani ndi anthu. Tengani pepala, mulembe dzina lanu pansi. Pamwamba pake amayi anu. Pamwamba pawo mayi awo, kenaka mayi a iwowo, mpaka pamene okumbukira athera. Kawirikawiri anthu amafika pa amayi atatu kapena anayi. Pa dzina lililonse mufunse zinthu zitatu: adabadwira mudzi uti, adaikidwa manda ati, ndipo abale ake aakazi a mimba imodzi anali ndani ndipo adapita kuti. Mulembe maina onse amene munthuyo ankadziwika nawo, la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo ndi la mwana wake woyamba, chifukwa mzimayi mmodzi akhoza kukhala Nankhoma kwa ena, Esitere kwa ena, make Yohane kwa enanso, ndipo mabanja awiri akhoza kumakamba za munthu mmodzi osazindikira.

Manda ndiwo mboni yosanama. Anthu amasamuka, midzi imagawikana, mafumu atsopano amabadwa chaka ndi chaka, koma mbumba imakumbukira kumene idaika amayi ake. Mukapeza kuti agogo a amayi anu ndi agogo a apongozi anu agona m'manda amodzi, imani kaye pomwepo. Sikuti basi ndinu abale, chifukwa mudzi umodzi umakhala ndi mabele angapo ndiponso akazi obwera pa chitengwa, koma apo mpofunika akuluakulu a mbali zonse akhale pansi. Funso lina lothandiza ndi la maliro. Mufunse amayi anu kuti, kwawo kwa mtsikanayo kutagwa zovuta, iwo angapite ngati odzapepesa kapena angakakhale m'nyumba ya siwa pamodzi ndi ofedwa, n'kumeta nawo? Mzimayi wa kumudzi funso limeneli saliphonya.

Ndipo wofunsidwa asakhale amayi anu okha. Amayi a m'tauni ambiri adachoka kwawo ali atsikana. Pitani kwa malume aakulu, kapena kwa gogo wamkazi wamkulu amene watsala m'mudzimo, amene amadziwa kuti bele lalikulu ndi liti, laling'ono ndi liti. Pa foni zimenezi sizituluka bwino. Gogo amafuna akuoneni, mukhale pa mkeka, ayambe nkhani ya njala ya 1949, adutse pa ukwati wa mng'ono wake, ndiye dzina limene mukulifuna lidzagwa lokha pakati pa nkhani ina.

Ndikuuzeni zimene ndidaona ndekha. Mnzanga wina adandipempha kuti ndimuperekeze pa unkhoswe wa mwana wa mlongo wake. Mnyamatayo dzina lake lomaliza linali Mwale, mtsikanayo Chisale, ndipo adadziwana ku ntchito ku Kanengo. Maina osiyana, maboma osiyana: mnyamata ankati kwawo ndi ku Kasungu, mtsikana kwa Kabudula. Palibe amene adaganizako za chibale, ndipo tsiku la chinkhoswe linali litakambidwa kale. Pa ulendo woyamba wokaonekera, tikudikira chakudya, gogo wina wa kuchikazi adangofunsa mwaulemu kuti ku Kasunguko kwenikweni ndi mudzi uti. Mnzanga adayankha kuti si mudzi kwenikweni, amayi awo adapitako ndi amuna awo pa utenanti wa fodya m'zaka za m'ma 1970, ndipo ana onse adakulira komweko. Gogoyo adafunsanso kuti nanga asanapite ku fodyako ankachokera kuti. Mnzanga adati cha kuno komwe, koma mudzi sadaudziwe bwino, chifukwa adachoka ali wamng'ono ndipo amayi akewo adamwalirira ku esiteti. Adangokumbukira dzina lawo la ubwana ndiponso kuti anali ndi chipsera cha moto pa mkono.

Gogoyo adakhala chete, kenaka adatuma mwana kukaitana mkulu wina wa m'mudzimo. Zidapezeka kuti mayi wa chipserayo anali mkulu wake wa gogo yemwe ankatifunsayo, mimba imodzi, ndipo gogoyo ndiye adabereka mayi a mtsikana. Tiwerenge bwino: agogo aakazi a mnyamata ndi agogo aakazi a mtsikana, mkulu ndi mng'ono. Amayi awo, pa Chichewa, ndi pachibale cha munthu ndi mng'ono wake. Ana awo ndi munthu ndi mlongo wake. Mkulu amene adaitanidwayo anali mlongo wa agogo onse awiri, ndiye kuti nkhoswe yaikulu ya mnyamata ndi ya mtsikana yemwe. Umwale udachokera kwa bambo a mnyamata, Uchisale kwa bambo a mtsikana, ndipo maina awiriwo adaphimba bele limodzi. Tsiku limenelo kudali kulira kwa mitundu iwiri, kwa chimwemwe kuti ana a malemu apezeka, ndi kwa achinyamata awiri aja. Ukwati sudachitike. Mwayi wake panalibe pathupi. Pa chizungu, awiriwa ndi abale a patali ndithu, koma m'mudzi muja panalibe ndi mmodzi yemwe amene akadavomera kukhala nkhoswe.

Ndaonanso zosiyana ndi zimenezi kangapo: Phiri ndi Naphiri, makolo atakwiya, koma pofufuza n'kupeza kuti Uphiri wa mwamunayo udayamba ndi agogo ake pa ulendo wa ku Joni, kwawo kwenikweni anali a mfunda wina. Amenewo ali pa banja mpaka lero.

Mwina wina akuuzani kuti mufunse za nyama imene kwanu simudya. Funso limeneli lili ndi ntchito yake, koma kwa inu lithandiza pang'ono. Mifunda ina imayendera limodzi ndi chinthu chopatulika: a Ngwenya ndi ng'ona, a Nyoni ndi mbalame, a Njovu ndi njovu, a Soko ndi nyani, a Moyo ndi mtima wa nyama. Munthu sadya chimenecho, ndipo ana amaopsezedwa kuti ukadya mano adzaguluka. Asena ndi Ashona amachitcha mutupo. Maina ngati Moyo, Soko ndi Shumba adalowa pakati pa Angoni pamene ankadutsa m'dziko la Zimbabwe n'kutenga anthu a kumeneko. Kumene mwambo umenewu uli wamphamvu, anthu awiri osala chinthu chimodzi amatengana ngati abale ngakhale sangathe kulondola kholo lawo, ndipo ukwati umavuta. Koma mifunda ikuluikulu ya Achewa siidamangidwe motero. Nthano imene timauzidwa imati a Phiri adagona pa phiri, a Banda adabanda udzu m'munsi n'kumanga misasa. Palibe nyama pamenepo. Alipo a Mbewe ena amene sadya mbewa, koma ndadyapo mbewa ndi a Mbewe ambiri pa msewu wa ku Dedza. Phindu la funsoli kwa inu ndi ili lokha: ngati kwawo kwa bambo a mtsikanayo ali ndi chosala chimene kwanu ku Dowa sachidziwa, chimenecho ndi chizindikiro chinanso chakuti Ubanda wanu ndi wawo sudachokere pamodzi.

Za boma n'zachidule. Lamulo la maukwati la 2015 limafuna kuti nonse mukhale a zaka 18 kapena kuposa, ndipo lili ndi mndandanda wa abale oyandikana, a magazi ndi a ukwati, amene munthu sangakwatire. Limawerenga chibale chenicheni, osati mfunda kapena dzina lomaliza. Ku mpingo nako amalengeza ukwati milungu ingapo kuti wodziwa choletsa anene, ndipo mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake pa za asuweni, choncho abusa kapena ansembe afunsidwe msanga. Koma kalata ya boma siikupatsani nkhoswe. Mukhoza kukwatirana mwalamulo n'kukhala banja limene likavuta palibe wolikhalira pansi.

Pali chinthu chimodzi chimene mwambo suona, ndipo ndichinene poyera. Magazi sadziwa kusiyana kwa msuweni ndi mlongo wa kwa mayi aang'ono. Mwana wa malume ndi mwana wa mng'ono wa amayi ali pa mtunda wofanana kuchokera kwa inu, ngakhale wina mwambo umamulola, wina umamuletsa. Ndiye ngati pofufuza mupeza kuti ndinu asuweni, akuluakulu akhoza kuombera m'manja, koma inu mukayezetse magazi, makamaka za matenda a sikoselo. Ngati nonse muli ndi mbewu ya matendawa, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nawo. Kuyezetsaku n'kwabwino ngakhale kwa anthu osakhala pachibale.

Tsono azakhali muwatani? Musakawaphunzitse mbiri ya Kalonga, mudzangowonjezera moto. Si inu woyenera kutsutsana nawo. Pitani kwa malume anu, muwafotokozere zonse, kuphatikizapo za Anaphiri awiriwo. Iwo ndiwo akakambe ndi bambo anu ndi azakhali, ndipo azakhaliwo apemphedwe kuti ndiwo atsogolere kulondola mbali ya ku Dowa, popeza ndiwo akuidziwa. Munthu amene wapatsidwa ntchito yofufuza yekha savuta kuvomereza zimene wapeza. Nthawi zinanso mawu akuti ndi mlongo wako amakhala chophimba cha nkhawa ina, mwina sadamukonde mtsikanayo, mwina adamva mochedwa kuposa ena, ndipo malume anu adzazitulukira zimenezo mosavuta kuposa inu.

Zonsezi zichitike tsiku la chinkhoswe lisanalengezedwe, ndalama za holo zisanaperekedwe, ndiponso, ndinene monga mkulu wanu, pasanakhale pathupi. Ulendo wa kwa Chadza ndi wa ku Mitundu ukhoza kutheka Loweruka limodzi. Mupite ndi malume anu, mtsikanayo apite kwawo ndi malume ake, aliyense ndi pepala lake, ndipo mapepala awiriwo akawaike pamodzi ndi amalumewo, osati inu awiri. Mizere ikakwera amayi anayi mbali iliyonse popanda kukumana pa munthu, pa mudzi kapena pa manda, ine ndingavomere kukhala nkhoswe ya ukwati umenewo popanda kukayika. Ikakumana pa mzimayi mmodzi kudzera mwa akazi okhaokha, musayembekeze kuti kwa Chadza kapena ku Mitundu kupezeka wogwirizira nkhuku ya chinkhoswe chanu. Ikakumana koma pakati pali mwamuna, monga ngati agogo ake aamuna anali mlongo wa agogo anu aakazi, chimenecho ndi chisuweni, ndipo agogo akumudzi adzayamba kukuseleulani musanatsanzike n'komwe. Popita musaiwale shuga ndi mchere wa gogo, ndipo foni muike m'thumba mpaka atamaliza kuyankhula.